Mawu otsekera potsanzikana ndi a hedi athu, ndithandizeni abale

Choko_Choyera
Abale pagulu pano ndithandizeni mutu waima. Lachisanu likubwerali tikutsanzikana ndi a hedi athu, akwanitsa zaka 60 nde akupuma pa ntchito, akubwerera kwawo ku Dedza. Pasukulu pathu kuno ku Nkhotakota akhalapo zaka 14. Ine ndi amene anzanga andisankha kuti ndikayankhule m'malo mwa aphunzitsi tonse, sipichi yonse ndalemba kale ndipo ikumveka, koma mzere womaliza wokhawo wandikanika, ndafufuta mpaka pepala kubooka. Ndili ndi itatu. Woyamba "Pumani mumtendere madamu, ntchito mwaigwira." Wachiwiri "Chitseko chathu ndi chotsegula, mudzabwere nthawi ina iliyonse." Wachitatu "Yehova akudalitseni m'dzina la Yesu, Amen." Nditenge uti? Mayi amenewa anandilandira ndili mwana wongochoka ku koleji, sindikufuna ndikawalakwire tsiku lomaliza.

Usipa_Wouma
Woyambawo fufutani pompano chemwali. Mwawaika m'manda ali moyo.

Dalaivala_M5
Pepani kwambiri ndi zovutazi achemwali. Thupi linyamuka liti kupita ku Dedza?

Choko_Choyera
Ayi achimwene sanamwalire!! Akupuma pa ntchito basi, penshoni.

Dalaivala_M5
Aaa pepani, ine maso anangogwera pa "pumani mumtendere" paja ndili pa siteji, zinazo sindinawerenge.

Mkulu_wapaBenga
Mwaona nokha mwana wanga zomwe zachitika apa. A Dalaivala sanalakwe, amva momwe khutu la munthu aliyense lidzamvere Lachisanulo, makamaka amene adzakhale kumbuyo komwe mawu amafika odukaduka. Ine ndayendetsapo miyambo yambiri, maukwati, zinkhoswe ndi zotsanzikana zomwe, nde ndiloleni ndiyankhule motalikirapo.

Vuto ndi loti mawu otsanzikana ndi munthu wamoyo ndi mawu a pamaliro amayenda njira imodzi, kungophonya pang'ono mwalowa kwina. Kupuma kukakumana ndi mtendere m'chiganizo chimodzi, anthu amamva "mzimu wawo uuse mumtendere". N'chimodzimodzi "mwatisiya", chifukwa tikati uje watisiya tonse timadziwa tanthauzo lake. "Tikutsanzikana nanu komaliza" ndi yomweyo. Ina imene anthu amaikonda pa penshoni ndi ija ya 2 Timoteo 4:7, ya kulimbana nkhondo yabwino ndi kutsiriza njira. Paulo ananena zimenezo akuona imfa yake ikuyandikira, vesi ya pamwamba pake ikunena zomwezo, ndipo ife timaimva kawirikawiri kumanda. Ndinaonapo bambo wina akuwerengeredwa vesi imeneyi pa mwambo wake wopuma, mkazi wawo anangoweramitsa mutu n'kuyamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo sikunali kulira kwa chisangalalo ayi.

Ngati mukufuna za kupumazo zikhalemo, ikanimo kachilembo kamodzi kokha, ka "ka". "Mukapume bwino kumudzi." Ka imeneyo ikuonetsa kuti pali malo amene munthu akupita ndi miyendo yake ndipo akakhalako. Mukatchulanso malowo, Dedza, palibe amene angaganize za manda.

Choko_Choyera
Zikomo bambo, woyambawo ndachotsa. Thupi langa lachita kuzizira poganiza kuti ndikanakanena zimenezo pa maiki.

Mvano_Dwangwa
Wachitatuwo ndi umene uli bwino mwana wanga, osachita nawo manyazi. Munthu wagwira ntchito zaka zonsezi chimene angatenge ndi mdalitso, zinazi zimathera panjira. Tsegulani Numeri 6:24 mpaka 26 muwerenge yonse kenako mukhale pansi. Kapena ija ya pa Genesis 31:49 yoti Yehova ayang'anire pakati pa ine ndi iwe tikasiyana, ife kumvano timatsekera imeneyo mnzathu akamasamuka.

Dada_waKuChia
Mayi a Mvano ndikulemekeza maganizo anu koma ndifunse kaye. A Choko, pa sitafu panu Asilamu alipo angati? Nanga makolo amene adzabwere?

Choko_Choyera
Aphunzitsi tilipo 17, Asilamu 5. Makolo nde ambiri ndithu ndi Asilamu, a tcheyamani a komiti ya sukulu nawonso. Madamuwo ndi a CCAP.

Dada_waKuChia
Nde apo. Ine ndine Msilamu ndipo ndakulira konkuno, Mkhristu akamapemphera pemphero lake ife sitidandaula, timakhala chete mwaulemu monga inunso mumachitira shehe akamapanga duwa. Koma a Choko sakukapemphera, akukayankhula m'malo mwa anthu 17. Mzere womaliza ndi umene anthu amavomera. Mukatseka ndi "m'dzina la Yesu" anzanu asanu aja adzangoyang'ana pansi, osati chifukwa chokwiya koma pakamwa pawo sipangavomere, nde mawu amene amayenera kukhala a tonse asanduka a ena. Mukati "Mulungu akusungeni" tonse tivomera, wina Amen wina Amiin, phokoso lake limodzi. Dzina loti Mulungu ifenso timalitchula tsiku lililonse pa Chichewa.

Mvano_Dwangwa
Koma amene akudalitsidwayo ndi Mkhristu. Mdalitso ndi wa iyeyo, si wa omvera.

Usipa_Wouma
Nanga omverawo abwerera chiyani mayi?

Mphwanga_265
Ine ndikuona kuti nonse mwaphonya. Pachikhalidwe chathu mwana sadalitsa wamkulu. A Choko anena okha kuti analandiridwa ali mwana, nde aimirire pagulu kudalitsa mayi wa zaka 60? Zimenezo ndi za abusa kapena amfumu. Iwo angoti zikomo, tsalani bwino, basi.

Usipa_Wouma
Tsalani bwino amanena ndi wochokayo mphwanga. Madamu akutsala kuti?

Mphwanga_265
Chabwino, pitani bwino. Koma mfundo yanga ikadali pomwepo.

Mkulu_wapaBenga
Mphwanga wagwira mwendo umodzi wa nkhani. Ndi zoona kuti mwana sanganene kuti "ndikukudalitsani amayi", zimenezo zimachokera kwa kholo kupita kwa mwana. Koma "Mulungu akudalitseni" si iwe ukudalitsa, ukungomupemphera munthu kwa Mwini wake, ndipo olo kamwana ka sitandade 2 kamanena zimenezo kwa agogo ake akakapatsa chinangwa. Palibe amakadzudzula.

Pamene pali msampha weniweni ndi pa vesi ya mayi a Mvano. Mu Baibulo lathu lakale lija mawu a pa Numeri 6 amati "akudalitse iwe, nakusunge". Iwe. Muimirire pamaso pa makolo, amfumu ndi ana a sukulu n'kuwaloza a hedi kuti iwe? Abusa akawerenga m'tchalitchi zimamveka chifukwa aliyense akudziwa kuti akuwerenga malemba. Inu mukafuna kuigwiritsa ntchito muitembenuze ikhale yanu, "akudalitseni, akusungeni", ndipo musatchule kuti ndi vesi yakuti, chifukwa mwaisintha.

Ya Genesis 31 ija mayi mundikhululukire, ndikudziwa kuti ambiri amaikonda, koma werengani mutu wonse. Amene akuyankhula ndi Labani, atamuthamangira Yakobo amene anathawa osatsanzika. Anthu awiriwo sankakhulupirirana, nde anaunjika miyala n'kunena kuti Mulungu akhale mboni ukakazunza ana anga ine kulibe. Madamu a CCAP a zaka 60 nkhani imeneyo akuidziwa bwino.

"Pitani bwino" nayonso ine sindiikonda kwa munthu wamkulu pagulu, ikumveka ngati lamulo. "Muyende bwino" kapena "mukafike bwino" ndi yofewa.

Mvano_Dwangwa
Za Labanizo ndikawerenganso usiku uno. Koma ife takhala tikuinena zaka zambiri ndi mtima wabwino ndipo palibe anadandaulapo.

Namwino_waSenga
Ine ndiyankhulepo za wachiwiriwo chifukwa zinandichitikira. Ndinagwira ntchito pachipatala china chaching'ono zaka 9, tsiku londitsanzika aliyense amene anaimirira amati pano m'pakwanu, mudzabwere nthawi ina iliyonse, ine ndinalira ndithu ndipo ndinazikhulupirira. Patatha chaka ndi miyezi ndinali ndi ulendo wodutsa komweko nde ndinati nditsike ndikaone anzanga, ndinagula ndi shuga ndi buledi wa tiyi. Nditafika amene anayankhula aja awiri anali atasamuka, wina anali pa ntchito anangondipatsa moni pa windo, nyumba imene ndinkakhala munali anthu ena nsalu zawo zili pa chingwe chomwe ndinamanga ine. Ndinakhala pa benchi ya odwala mwina ola lathunthu ndi jumbo yanga pamiyendo kenako ndinakakwera minibasi. Sindikuti anali anthu oipa ayi. Koma "nthawi ina iliyonse" ilibe mwini, palibe amene anaisenza. A Choko, a hedi anuwo akukhala nyumba ya sukulu eti? Akadzabwera adzafikira kwa ndani?

Choko_Choyera
Eee akukhala ya sukulu, ndipo a hedi atsopano alowamo mwezi wamawa. Funso limenelo sindinaliganizire n'komwe asisi.

Dalaivala_M5
Za nyumbazo, katundu wawo anyamula bwanji? Ngati sanapeze galimoto ine ndili ndi mnzanga wa 3 tani amayenda Salima, Golomoti kukwera Khwekhwerere mpaka Dedza. Koma anyamuke m'mamawa, phiri lija ndi katundu usiku si bwino.

Usipa_Wouma
Ndipo atenge usipa wambiri, kumeneko akadya kachewere mpaka atopa naye.

Dada_waKuChia
Ndi ufa wa kondowole. Azakhali anga anakwatiwa ku Ntcheu, zaka 20 tsopano koma mpaka lero akaimba foni nkhani ndi kondowole ndi chambo cha pa Chia.

Mphwanga_265
Kondowole ndi wa anthu a kunyanja, wa ku Dedza sangamusowe.

Choko_Choyera
Mukunama mphwanga, madamu amadya kondowole kuposa ine. Ndipo ali ndi kamunda ka mpunga kudambo komwe akhala akulima ndi mayi ena oyandikana nawo zaka zonsezi, chaka chino apeza matumba 6. Koma abale tibwerere ku mzere wanga, Lachisanu likufika.

Mkulu_wapaBenga
Simunachoke pa mzere wanu mwana wanga, mwaupeza kumene. Kamunda kameneko ndi komwe kakusowa m'mizere yanu itatu ija. Yonse itatu mukhoza kuinena kwa hedi wina aliyense m'Malawi muno osasintha kanthu. Ya chitseko chotsegula ija nayonso ndi yobwereka, ife sitiitana munthu ndi chitseko, timati mudzatiyendere, musatitaye, phazi lisaleme.

Kuitana kumakhala koona kukakhala ndi zinthu ziwiri, nthawi ndi khomo. Nthawi muli nayo kale. Mpunga kuno timakolola cha mu Meyi ndi Juni, ndipo Juni yemweyo ndi pamene ku Dedza kumazizira mpaka m'mafupa. Khomo ndi limene muyenera kukalipeza musanafike Lachisanu. Pitani kwa mayi amene amalima nawowo, kapena kwa mphunzitsi amene kwawo ndi konkuno woti tiransifa siimukhudza msanga, mukafunse kuti kodi ndikanene pagulu kuti madamu adzafikira kwanu? Akavomera ndiye mukanene. Akazengereza musanene, mungotsala ndi kuwafunira zabwino. Musaitanire mlendo pakhomo pa eni ake iwo asakudziwa.

Samalaninso ndi tizilembo tija. "Mukafike", "mukakhale", "mukapume" ndi za uko akupita. "Mudzabwere", "mudzatiyendere" ndi za kuno, mtsogolo. Mukasokoneza n'kunena "mukabwere" zikumveka ngati mwawatuma kumsika. Ndipo "muzibwera" ndi ya munthu amene akusamukira pafupi, ngati pa Benga kapena Dwangwa. Wa ku Dedza wa penshoni, thiransipoti yokwera chonchi, kumuuza kuti muzibwera ndi kumusenzetsa ngongole.

Chinanso ndiuzeni pulogalamu. Mukatha inu ayankhula ndani, ndipo atseke ndi pemphero ndani?

Choko_Choyera
Ayamba mwana wa sitandade 8, kenako ine, kenako a tcheyamani, amfumu, a PEA, kenako madamu eni ake. Potsegula apemphera abusa, potseka shehe. Mphatso ya aphunzitsi ndipereka ine ndikangomaliza kuyankhula, tagula bulangete ndi chitenje, makolo akubweretsa thumba la mpunga.

Mkulu_wapaBenga
Nde mdalitso waukulu uli ndi eni ake kale, kumayambiriro ndi kumapeto. Inu simukutseka mwambo, mukutseka mawu a aphunzitsi okha, ndipo m'manja muli bulangete. Mzere wanu ukhale woti mukaumaliza mwendo unyamuke wokha kupita pamene akhala madamu. Ukhale wotha kuunena ndi mpweya umodzi kapena iwiri, chifukwa pofika pamenepo pakhosi padzakhala patadzadza, ndipo muuloweze pamtima kuti maso adzakhale pa iwo osati pa pepala.

Pali ziwiri zimene anthu amakonda kutsekera zomwe ine ndimati zibwere msanga. "Pamene tinakulakwirani mutikhululukire" ndi mawu oyenera ndipo muwanene, koma pakati. Akakhala omaliza anthu amabalalika akufunsana kuti kodi analakwirana chiyani. Ina ndi "sitidzapezanso wina ngati inu". A hedi atsopano ngati adzakhalepo, kapena achiwiri awo amene akhala akuthandiza zaka zonsezi, mwawabaya, ndipo Lolemba mukumana nawo mu ofesi.

Dada_waKuChia
Ine ndikanakondabe dzina la Mulungu limveke olo pang'ono. Ife munthu akamanyamuka ulendo timati fii amanillah, kutanthauza kuti Allah akusunge, ndipo pali duwa imene Mtumiki ankanena potsanzika wapaulendo, tanthauzo lake ndi loti ndikusungitsa kwa Allah chipembedzo chako, zimene unasungitsidwa ndi mathero a ntchito zako. Mawu oti kusungitsa amenewo amandikhudza, ngati mmene umasungitsira chinthu cha mtengo kwa munthu amene sangachitaye.

Mvano_Dwangwa
Imeneyo ifenso tili nayo! Machitidwe 20:32, Paulo potsanzikana ndi akulu a mpingo wa ku Efeso anawaikiza kwa Mulungu. Nde a Choko nenani kuti "tikukuikizani m'manja mwa Mulungu", a Dada avomera ine ndivomera.

Usipa_Wouma
M'manja mwa Mulungu? Tabwereranso kumanda mayi.

Mvano_Dwangwa
Ayi inu, si chilichonse chili cha maliro. Mukatero titha mawu onse.

Namwino_waSenga
Ine ndikugwirizana ndi a Usipa pang'ono. Kuchipatala tikanena kuti tangosiya m'manja mwa Mulungu abale amayamba kuimbirana mafoni. Mwina ndi khutu langa la ntchito. "Mulungu akakusungeni" ilibe vuto limenelo.

Mkulu_wapaBenga
Apa sindiweruza. Ine "tikukuikizani kwa Mulungu" popanda manjawo ndingainene osaopa, koma m'mutu womwewo Paulo anawauza anthuwo kuti sadzaonanso nkhope yake ndipo analira kwambiri, nde wodziwa malemba akhoza kuimva molemera. Zitengera madamuwo, a Choko ndi amene akuwadziwa.

Mphwanga_265
Bwanji mwambi? Madzi saiwala khwawa. Waufupi, aliyense akuudziwa, palibe za chipembedzo.

Usipa_Wouma
Khwawa lawo ndi Dedza mphwanga, nde ukuwauza kuti achita bwino kuchoka.

Mphwanga_265
Zaka 14 madzi akuyenda malo amodzi sakumba khwawa lina? Ine ndikuti Nkhotakota nayenso ndi khwawa lawo.

Dada_waKuChia
Apa mphwanga wanena zomveka. Koma mwambi woti uyambe waumasulira sungakhale womaliza. Ndiponso amfumu akubwera pambuyo, miyambi asiyireni iwo.

Choko_Choyera
Abale ndabwera kumene kuchokera kudambo. Ndinawapeza mayi aja akupeta mpunga pakhonde, nditawafunsa anaika lichero pansi n'kunena kuti mwana wanga ukufunsa chiyani, kachipinda ka mwana wanga amene ali ku Lilongwe kamangokhala, ukanene ndithu ndipo ndime yawo ija sindipatsa munthu. Nde ndalemba chonchi, ndiuzeni:

"Madamu, mukafike bwino ku Dedza ndipo Mulungu akakusungeni. Kukakazizira mu Juni mudzatsike, mpunga udzakhala utacha ndipo pogona panu pakonzedwa kale kwa anzanu a kudambo."

Ndikatero ndinyamule bulangete. Za kukhululukirana ndazikweza m'mwamba, ya "wina ngati inu" inalimodi ndipo ndaichotsa.

Namwino_waSenga
Ine akanandiuza chonchi ndikanadziwa kolowera ndi jumbo yanga ija. Mayiwo adzakhalepo Lachisanu? Akhale pafupi kuti mukamanena adzagwedeze mutu madamu akuona.

Choko_Choyera
Adzakhalapo, ali m'gulu lophika.

Mkulu_wapaBenga
Wakhala bwino. Kokha "kukakazizira" lilime likhoza kupunthwa pa maiki, nenani kuti "kukazizira mu Juni". Yesani mokweza katatu kunyumba mumve pamene mpweya ukuthera. Mukaona kuti ndi wautali, chotsani "kale".

Mvano_Dwangwa
Ine ndikanatembenuza. Kuitanako kuyambe, Mulungu akhale womaliza kuti anthu avomere Amen. Mmene mwalemberamu anthu avomera chiyani, mpunga?

Dada_waKuChia
Pamenepa ndili mbali ya mayi a Mvano.

Usipa_Wouma
Avomera ndi nthungululu. Amayi a kudambo akangomva dzina lawo simudzawaletsa.

Choko_Choyera
Ndiyesa njira zonse ziwiri usiku uno pamaso pa amuna anga ndione imene ndingathe kuimaliza osalira. A Dalaivala nditumizireni kumbali nambala ya mnzanu wa 3 tani uja, madamu akuti galimoto sanaipezebe ndipo pali matumba 7 a mpunga, bedi ziwiri ndi mbuzi imodzi.